Fomu inabwerera bwino ku Chingerezi, koma kwa mayi aja siinafike

Pa holide yomaliza ndisanalowe chaka chachinayi ndinapeza ganyu amene poyamba ndinkamuona ngati ndalama yotola. Gulu lina lochita kafukufuku wa zaumoyo linkafuna munthu wodziwa Chichewa ndi Chingerezi. Anandipatsa masamba anayi a Chichewa n'kundiuza kuti ndiwabwezere m'Chingerezi. Inali fomu yachilolezo, ija amamuwerengera munthu asanalowe m'kafukufuku kuti adziwe chimene akuvomera asanasaine kapena kudinda chala. Kafukufukuyo anali wa amayi ochepa magazi m'thupi, ndipo ankafuna kuyerekeza mitundu iwiri ya mankhwala owonjezera magazi.

Ndinagwira ntchitoyo madzulo awiri okha. Zimene ndinalemba zinafanana kwambiri ndi Chingerezi choyambirira, moti mkulu wa kafukufukuyo, amene sankadziwa Chichewa, anandiyamikira. Ndinasaina pepala lonena kuti ndamasulira mokhulupirika, n'kulandira ndalama yanga. Patapita masabata atatu ndinazindikira kuti kufanana kumene anandiyamikira nako ndi kumene kunabisa zolakwa zazikulu za fomu ija. Ndikulemba izi chifukwa ambiri a ife tikamaliza sukulu timagwira maganyu otere, ndipo nthawi zambiri palibe amene amatiuza chimene ntchitoyi imatha kuona ndi chimene siitha.

Njirayi ndiitchula kuti kumasulira kobweza, ndipo imayenda motere. Pali chikalata choyambirira, tinene cha Chingerezi. Munthu woyamba amachimasulira m'Chichewa. Munthu wachiwiri, amene sanaonepo Chingerezi chija ndipo sanakambiranepo ndi woyambayo, amatenga Chichewacho n'kuchibwezera m'Chingerezi. Kenaka munthu wachitatu amaika Chingerezi chakale ndi chatsopano pamodzi n'kumayerekeza chiganizo ndi chiganizo. Kwa ife, ziganizo zonse zinapatsidwa manambala, ndipo panali tebulo la mizere inayi yotsika: Chingerezi choyamba, Chichewa, Chingerezi changa, ndi ndemanga. Pamene matanthauzo asiyana, omasulira awiri ndi mwini kafukufuku amakhala pansi kuti apeze pamene pathyoka. Mwina walakwa ndi womasulira woyamba, mwina wachiwiri, mwinanso chikalata choyambirira ndicho chinalembedwa mosamveka. Akakonza, ziganizo zokonzedwazo amazibwezanso.

Lamulo loti wachiwiri asaone chikalata choyambirira ndilo mtima wa njirayi. Akangochiona, amayamba kukumbukira m'malo momasulira, ndipo mayeso onse amakhala opanda ntchito. Munthu amene anatchukitsa njirayi ndi Richard Brislin, katswiri wa za maganizo a anthu, amene mu 1970 analemba za momwe anaiyesera ndi ophunzira odziwa zilankhulo ziwiri a pa yunivesite ya ku Guam. Kuchokera pamenepo inafala m'kafukufuku wa zaumoyo ndi wa chikhalidwe cha anthu. Chifukwa chake n'chomveka. Mwini kafukufuku amene sadziwa Chichewa alibe zenera lina loonera zimene anthu adzawerengeredwe m'dzina lake.

Sindikufuna kuinyoza njirayi, chifukwa pa fomu yathu inagwira zinthu ziwiri zimene zikanavulaza anthu. Choyamba chinali chiganizo chosowa. M'Chingerezi munali mawu akuti mayi akasiya kafukufuku pakati, apitirizabe kulandira chithandizo kuchipatala monga kale. Womasulira woyamba anadumpha mzerewo, mwina maso anatsetsereka pamene ankapita ku ndime yotsatira. Pa tebulo lija panaoneka bokosi lopanda kanthu, ndipo aliyense analiona nthawi yomweyo.

Chachiwiri chinali cha masiku obwerera kuchipatala. Chichewa chinkati amayi azibwera kawiri pa sabata, ndipo ine ndinabweza momwemo. Mkulu wa kafukufuku anadzidzimuka, chifukwa iye ankafuna kunena kuti kamodzi pa masabata awiri. Titafufuza tinapeza kuti vuto linayambira kwa iye mwini. Anagwiritsa ntchito liwu limodzi la Chingerezi limene eni chilankhulowo amalimva paŵiri: ena amati kawiri pa sabata, ena amati kamodzi pa masabata awiri. Kusiyana kwake si kwamasewera kwa mayi woyenda wapansi mtunda wautali. Pa miyezi itatu, ndi maulendo 24 m'malo mwa maulendo 6. Apa ndiye pamene kumasulira kobweza kuli ndi mphamvu: chiganizo chosowa, nambala yosinthika, tsiku lolakwika, "ayi" amene wasanduka "inde". Zinthu zimene ungaziwerenge ndi chala imazigwira bwino.

Titakonza zimenezi, tebulo lonse linagwirizana. Koma namwino wina wachikulire amene ankagwira ntchito ndi gululo anaumirira kuti fomu iwerengeredwe kaye amayi angapo kafukufuku asanayambe. Anandipempha kuti ndipite nawo kukalemba mayankho. Tinapita pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi, ndipo amayi asanu ndi atatu anavomera kutithandiza. Namwino uja ankawerenga ndime imodzi, n'kusiya pepala pamwendo. Sankafunsa kuti, "Mwamva?" chifukwa funso limenelo aliyense waulemu amayankha kuti eya. Ankafunsa kuti, "Mayi, mukafika kunyumba, bambo akakufunsani kuti achipatala amati chiyani, mukawauza kuti bwanji?"

Chiganizo choyamba kugwa chinali chakuti, "Mudzaikidwa m'gulu limodzi mwa magulu awiri mwachisawawa." Mayi wina anaganiza kaye pang'ono, kenaka anati, "Akuti mankhwalawo azingopereka chiperekere, osayamba aona kuti munthu akudwala chiyani." Mnzake anaonjeza kuti, "Nanga za thupi la munthu n'kuchita mwachisawawa?"

Ndinamva kutentha kumaso, chifukwa ndinakumbukira zimene ndinachita pa chiganizo chimenechi. M'kafukufuku woyerekeza mankhwala awiri, si dokotala kapena wodwala amene amasankha gulu. Amasankha ndi maere, kawirikawiri manambala otuluka pa kompyuta, ndipo cholinga chake n'chakuti magulu awiriwo afanane, pasakhale kuti odwala kwambiri aunjikana mbali imodzi. Ndi ntchito yosamala kwambiri. Liwu la Chingerezi lonena zimenezi, lija pa kampasi timangoti "randomu", lili ndi nkhope ziwiri: limanena za maere, limanenanso za chinthu chochitika popanda dongosolo. Womasulira woyamba anatenga nkhope yachiwiri. Ine nditaona "mwachisawawa" pafupi ndi "magulu awiri", ndinadziwa nthawi yomweyo liwu limene linali m'chikalata choyambirira, popeza ndinali nditangolemba kumene mayeso a kachitidwe ka kafukufuku. Ndinalemba liwu lomwelo. Sindinaone Chingerezi choyambirira, koma sukulu inali itandionetsa kale. Cholakwa chinalowa pa khomo limodzi n'kutulukira pa khomo lomwelo, ndipo tebulo linati zonse zili bwino.

Brislin mwini wake anachenjeza za zimenezi. Ananena kuti kufanana kwa zikalata ziwiri kungakhale kwabodza ngati omasulira onse awiri ali ndi chizolowezi chimodzi chosinthira mawu ena, ngati wobweza ali wochenjera moti amatha kupeza nzeru m'chiganizo cholembedwa moipa, kapena ngati chomasuliracho chasunga mafupa a chilankhulo choyambirira. Ife tonse awiri tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira sitandade 5. M'mitu mwathu muli kale mndandanda wa mawu awiriawiri omangiriridwa pamodzi, ndipo tikaona limodzi, linzake limatulukira lokha. Mayi wa kumudzi alibe mndandanda umenewo. Iye amamva "mwachisawawa" monga momwe amalinenera kwa mwana wotsuka mbale mosasamala.

Chiganizo chachiwiri ndicho chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Chinkati, "Kutenga nawo mbali m'kafukufukuyu ndi kodzipereka." Pa fomu yonse, chiganizo chimenechi ndicho chimanyamula ufulu wa munthu. Chingerezi chinkatanthauza kuti palibe wokukakamiza, ukhoza kukana. Ine ndinabweza liwu lenileni limene linali m'chikalata choyambirira, chifukwa tinazolowera kunena kuti mavolontiya ndi anthu ogwira ntchito modzipereka. Namwino atafunsa funso lake lija, mayi wachikulire pa onse anayankha mosakayika kuti, "Akuti tikalowa tilimbikire, tisamajombe, ndiponso tisayembekezere malipiro." Amayi asanu mwa asanu ndi atatu aja anamva chimodzimodzi. Palibe amene anatchula zoti munthu angathe kukana.

Taonani chimene chinachitika apa. Chiganizo cholembedwa kuti chimasule munthu chinasanduka chomumanga. Kudzipereka ndi khalidwe labwino limene timalimva ku tchalitchi, ku mzikiti ndi pa ntchito zachitukuko. Munthu akakuuza kuti chinthu n'chodzipereka, kukana kumaoneka ngati ulesi kapena mwano, makamaka wonenayo atavala yunifolomu yoyera. Mayi akanadinda chala chake pa fomu imeneyo, pepala likanati wavomera mwaufulu, ndipo siginecha yanga ikanakhala umboni woti anauzidwa bwinobwino.

Chachitatu chinali chosiyana pang'ono, chifukwa panalibe liwu lolakwika ngakhale limodzi. Fomu inkati, "Tidzayeza magazi anu. Zotsatira zake zidzasungidwa mwachinsinsi." Womasulira aliyense angabweze ziganizo ziwirizi molondola. Koma kuno kwathu, patapita zaka zambiri za mauthenga a pa wailesi ndi zikwangwani za m'misewu, "kuyezetsa magazi" kunatenga tanthauzo limodzi lalikulu. Ukamva kuti uje wakayezetsa magazi, sufunsa kuti amayeza chiyani. Ndiye ukaphatikizapo mawu akuti chinsinsi, nkhani yatha. Amayi asanu ndi mmodzi anati kafukufukuyo adzawayeza kachilombo ka HIV. Mmodzi anati sangalowe asanakambirane ndi amuna ake. Chonsecho ofufuzawo ankangofuna kuona kuchuluka kwa magazi m'thupi.

Cholakwa chotere kumasulira kobweza sikungachione ngakhale mutabweza kakhumi, chifukwa sichili m'mawu. Chili m'zimene mawuwo anatola pa ulendo wawo pakati pa anthu. Tebulo limayerekeza pepala ndi pepala. Silidziwa zimene womvera anamva pa wailesi chaka chatha.

Pali mbali inanso imene ndinaiona mochedwa: njirayi imathanso kulanga womasulira amene wachita bwino. Chingerezi chinkati adzatenga magazi okwana mamililita 5. Womasulira woyamba analemba kuti "magazi okwana supuni yaing'ono imodzi", ndipo ine ndinabweza supuni yomweyo. Pa tebulo panaoneka kusiyana, supuni mbali iyi, mamililita mbali iyo. Ndemanga inalembedwa kuti womasulira wasintha muyeso, ndipo Chichewa chinakonzedwa kuti chinene mamililita 5. Komatu supuni ya tiyi ndi mamililita 5 ndithu. Womasulira uja anali ataganizira womvera, ndipo ife tinamubweza kuti aganizire tebulo.

Kumudzi kuja mayi wina anafunsa kuti, "Mamililita asanuwo ndi mabotolo angati?" Iye anamva liwu lakuti lita mkati mwake, ndipo lita amalidziwa bwino pogula mafuta ophikira. Funso limeneli si loseketsa m'dziko limene mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, mpaka anthu angapo anaphedwa powaganizira kuti amapopa magazi. Pa nkhani ya magazi, munthu akapanda kuona ndi maso a m'mutu kuchuluka kwake, amadzaza yekha mpatawo ndi mantha.

Apa pali ngozi imene imakula pang'onopang'ono. Womasulira akadziwa kuti ntchito yake idzayesedwa pobweza, amaphunzira kulemba Chichewa chobwerera mosavuta. Amatsata Chingerezi liwu ndi liwu, amasunga ziganizo zazitali momwe zinalili, ndipo mawu ovuta amangowabwereka. Chichewa chotero chimakhoza mayeso nthawi zonse. N'chimene timachiona pa mafomu ambiri, chija umawerenga mawu onse n'kuwadziwa, koma ukafika kumapeto osadziwa kuti akufuna utani.

Titabwerera, tinakhala pansi anthu anayi: omasulira awiri, namwino uja, ndi mkulu wa kafukufuku. Ka nthawi koyamba ine ndinaloledwa kuona Chingerezi choyambirira, ndipo tinayamba kufunsa za chiganizo chilichonse kuti mayi akachimva ayenera kudziwa chiyani. Za magulu tinalemba kuti, "Gulu limene mudzakhalemo lidzasankhidwa mwa maere. Si inu kapena adokotala amene adzasankhe, ndipo mwayi wokhala m'gulu lililonse ndi wofanana." Za ufulu tinalemba kuti, "Zili kwa inu kulowa kapena kusalowa m'kafukufukuyu. Mukakana, palibe amene adzakudzudzuleni, ndipo mudzathandizidwabe pa chipatala pano monga kale." Za magazi tinati, "Tidzatenga magazi pang'ono, okwana supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, kuti tione ngati magazi ali okwanira m'thupi mwanu. Sitidzayeza kachilombo ka HIV." Nambala ya mamililita tinaisiya pambuyo pa supuni, kuti amene akuifuna aipeze.

Ziganizo zatsopanozi zitabwezedwa ndi munthu wina, sizinafanane ndi Chingerezi choyambirira liwu ndi liwu. Zinali zazitali, ndipo zina zinali ndi mfundo imene Chingerezi sichinatchule. Mkulu uja anaganiza, kenaka anasintha Chingerezi chake kuti chitsate Chichewa, n'kutumiza zonse ziwiri ku komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku kuti ivomereze. Tinakawerengeranso amayi ena amene sanamveko fomu yoyamba, ndipo pa funso la kukana onse anayankha kuti munthu akhoza kukana.

Wina anganene kuti, ngati zili choncho, bwanji osangoisiya njirayi? Alipo akatswiri amene amaganiza motero. Janet Harkness, amene anakonza njira yomasulira mafunso a kafukufuku wamkulu wa maganizo a anthu m'maiko a ku Ulaya, ankalimbikitsa kuti anthu angapo amasulire payekhapayekha, akambirane pa gulu, wina agamule, mafunso ayesedwe pa anthu enieni, ndipo zonse zilembedwe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, m'malangizo ake omasulira mafunso a kafukufuku, linasunga kumasulira kobweza koma ngati sitepe imodzi chabe, pakati pa kuunika kwa gulu la akatswiri ndi kuyesa pa anthu amene adzayankhe mafunsowo. Ine ndili mbali imeneyi. Sindingaiwale bokosi lopanda kanthu lija, kapena maulendo 24 aja. Amayi a kumudzi sakanatiuza kuti chiganizo chasowa, chifukwa munthu sangadandaule za mawu amene sanawamve. Mayeso awiriwa amaona zinthu zosiyana. Kubweza kumayankha funso lakuti, kodi zonse zimene zinalembedwa zilipo? Kufunsa womvera kumayankha lakuti, kodi zafika? Vuto limabwera pamene yankho la funso loyamba talitenga ngati la lachiwiri, chifukwa loyambalo ndi lotchipa, limachitikira mu ofesi, ndipo limasiya pepala losainidwa loika mu fayilo.

Kuchokera nthawi imeneyo ndagwiranso maganyu awiri otere, ndipo ndimagwira mosiyana. Ndisanayambe ndimauza wondilemba ntchito kuti Chingerezi changa chikhala chonyansa, chifukwa ntchito yanga si kukongoletsa koma kuonetsa chimene Chichewa chikunena. Ndikaona "mwachisawawa" ndimalemba liwu la Chingerezi lonena za kusasamala, ngakhale ndikudziwa bwino lomwe limene mwini wake ankafuna. Liwu likakhala ndi matanthauzo awiri ndimalemba onse awiri, n'kusonyeza limene agogo anga angayambe kumva. Chiganizo chikakhala chopindika m'Chichewa, ndimachisiya chopindika m'Chingerezi, osachiwongola. Ndikapeza kuti ndazindikira liwu loyambirira mwamsanga kwambiri, pamenepo ndi pamene ndimaima, chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti Chingerezi chikuonekera kuseri kwa Chichewa. Ndipo pokambirana za tebulo, ndimapempha kuti pa kusiyana kulikonse tiyambe tafunsa ngati tanthauzo lasintha, tisanakhudze Chichewa.

Pomaliza pamabwera pepala loti ndisaine. Pa ganyu wachiwiri linali ndi mawu akuti ndikutsimikiza kuti chikalatacho chamasuliridwa molondola ndipo n'chomveka. Ndinapempha kuti mawu akuti "n'chomveka" achotsedwe, kapena andipatse tsiku limodzi ndi ndalama ya minibasi kuti ndikachiwerengere anthu asanu amene chinalembedwera. Mayi wa mu ofesimo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, anzanu onse amangosaina." Ndinawafotokozera za liwu lija lakuti kudzipereka, ndi zimene mayi wachikulire uja anayankha. Anakhala chete pang'ono, kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa fomu yopemphera ndalama ya ulendo.